Kumwetulitsa nkhope ndi Liquify khoma osapindika

Chithunzi chimene wina wachigwiragwira pa kompyuta kawirikawiri chimaululika ndi zinthu za kumbuyo kwa munthuyo. Nkhope ikhoza kuoneka bwinobwino, koma mukayang'ana pafupi ndi tsaya mupeza mzere wa njerwa wakhota, felemu ya chitseko yatupa, kapena chitsulo cha pawindo chapindikira ku nkhope. Diso la munthu silidziwa kuti milomo ya mlendo inayenera kukhala motani, koma limadziwa bwino kuti khoma limakhala lowongoka. Ndiye chifukwa chake wokonza zithunzi amene akufuna kuwonjezera kumwetulira pang'ono pa nkhope ya mkwati wotopa amakhala ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kusuntha pakamwa, ndi kuonetsetsa kuti kusunthako kwathera m'kati mwa nkhope momwemo.

Chida chimene amagwiritsa ntchito mu Photoshop ndi Liquify. Chinabwera mu Photoshop 6.0 m'chaka cha 2000, ndipo chimapezeka mukatsegula Filter n'kusankha Liquify, kapena mukadina Shift+Ctrl+X. Pa makompyuta a Mac, paliponse pamene tatchula Ctrl mudine Cmd.

Chifukwa chake khoma limapindika

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tating'ono kwambiri totchedwa mapikiselo. Liquify sajambula dontho latsopano ngakhale limodzi. Iye amayala ukonde wosaoneka pamwamba pa chithunzi chonse, ndipo mukakankha malo ena a ukondewo, madontho a pamenepo amatsatira. Zili ngati chitenje choyanikidwa chimene mwachitsina pakati n'kukoka: duwa limene mwagwira limasuntha, koma maluwa oyandikana nalo nawonso amakokedwa, ndipo kukokako kumanka kucheperachepera mukamatalikira pamene mwagwira. Burashi ya Liquify sidziwa kuti apa ndi tsaya, apa ndi njerwa. Chilichonse chimene chalowa m'bwalo lake chimasuntha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nambala ya Size imene mumapatsa burashi ndi kutalika kwa bwalolo kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Burashi ya 300 imafika mapikiselo 150 mbali iliyonse kuchokera pakati pake. Ngati ngodya ya pakamwa ili mapikiselo 350 kuchokera m'mphepete mwa tsaya, burashiyo ikwana m'kati mwa nkhope ndipo khoma silikhudzidwa. Ngati ngodyayo ili mapikiselo 110 okha kuchokera m'mphepete, burashi yomweyo idya mapikiselo 40 a khoma nthawi iliyonse mukakankha.

Pa chithunzi chimene munthu wayang'ana kamera mwachindunji, pakamwa pamakhala pakati, ndipo masaya onse awiri amakupatsani malo okwanira. Vuto limabuka munthu akapotoloza mutu pang'ono, monga ojambula ambiri amakondera kuimika anthu. Tsaya lakutali ndi kamera limachepa, ngodya ya pakamwa ya mbali imeneyo imatsala pang'ono kukhudza khoma, ndipo zithunzi zambiri zimaonongekera pamenepo.

Chithunzi cha mkwati

Tiyerekeze kuti tili ndi chithunzi cha mkwati, chachikulu mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Waima kutsogolo kwa khoma la njerwa, wavala magalasi, mutu wapotolokera pang'ono kumanzere kwa chithunzi. Milomo watseka, ndipo ngodya zake zagwa pang'ono chifukwa cha kutopa ndi dzuwa. Pakamwa pake m'potambalala mapikiselo 400. Ngodya yapafupi ndi kamera ili 350 kuchokera m'mphepete mwa tsaya, yakutali ili 110, monga tanenera. Eni chithunzi sakupempha kuti aseke. Akungofuna kuti asaoneke ngati wakwiya pa tsiku la ukwati wake.

Musanatsegule Liquify, dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi leya yachiwiri, yofanana ndendende ndi yoyamba. Yoyambayo musaikhudze, chifukwa ndi imene mudzayerekezere nayo pomaliza. Pa leya yatsopanoyo pitani ku Filter n'kusankha Convert for Smart Filters. Kuyambira mu Photoshop CC wa 2013, Liquify amatha kugwira ntchito pa leya yotere, ndipo phindu lake ndi lakuti zimene mwasintha sizimatirira pa chithunzi. Mawa mwini chithunzi akati mwaonjeza, mumangodina kawiri pa dzina la Liquify pansi pa leyayo, ukonde uja n'kutseguka mmene munausiyira.

Njira yachidule ndi malire ake

Kuyambira mu 2016, Liquify ali ndi gawo lotchedwa Face-Aware Liquify, limene limazindikira lokha pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa. Pansi pa mutu wa Mouth pali timabatani tokoka tisanu: Smile, Upper Lip, Lower Lip, Mouth Width ndi Mouth Height. Kalikonse kamayambira pa 0 ndipo kamapita mpaka 100 kapena kutsika mpaka -100. Ngati gawoli silikugwira ntchito, onani ku Preferences, pa Performance, ngati Use Graphics Processor ili yochongedwa. Ngati pa chithunzi pali anthu angapo, sankhani nkhope yoyenera pa Select Face, kuopa kumwetulitsa mkwatibwi pamene mumafuna mkwati.

Pa nkhope yoyang'ana kutsogolo, kukoka Smile kufika pakati pa 10 ndi 20 nthawi zambiri kumakwana. Mukapitirira kwambiri, ngodya za milomo zimasongoka n'kuloza m'mwamba pamene masaya ali chikhalire, ndipo munthu amaoneka ngati akunyogodola. Timabatani ta pansi pa Face Shape, makamaka Jawline ndi Face Width, musatikhudze n'komwe pa ntchito imeneyi. Timeneti timasuntha m'mphepete mwenimweni mwa nkhope, ndipo m'mphepete mukasuntha khoma limatsatira.

Kwa mkwati wathu njira yachiduleyi siikwana. Face-Aware Liquify amagwira bwino nkhope ikayang'ana kamera, ndipo Smile amakweza ngodya zonse ziwiri limodzi. Pa mutu wopotoloka ngodya ziwirizi zimafuna miyeso yosiyana, choncho tigwira ndi dzanja.

Yambani mwatseka malo osafunika kusuntha

Chida chotetezera ndi Freeze Mask Tool, chimene mumachiitana podina F. Malo amene mwapaka ndi chida chimenechi amaoneka ofiira, ndipo burashi yokankha ikadutsapo sasuntha. Chofufutira chake ndi Thaw Mask Tool, pa batani la D. Ngati kufiirako sikukuoneka, chongani Show Mask.

Anthu ambiri amapaka khoma lokha n'kuyamba kukankha. Njira yodalirika ndi kutembenuza ntchitoyo: pansi pa Mask Options dinani Mask All kuti chithunzi chonse chifiire, kenaka ndi Thaw Mask Tool mutsegule malo okhawo amene mukufuna agwedezeke. Kwa mkwati uja, malowo ndi ngodya ziwiri za pakamwa, masaya mpaka pansi pa magalasi, ndi khungu la pakati pa mlomo ndi chibwano. Mphuno ikhale yotsekedwa. Felemu ya magalasi ikhale yotsekedwa, chifukwa nayonso ndi mzere umene diso limaudziwa. Kolala ya malaya, ndolo kwa amayi, ndi mano ngati akuoneka, zonsezi zikhale zofiira.

Samalani ndi pamene pathere kufiirako. Musalekezere pa mzere weniweni wa tsaya, koma mulowe nako m'kati mwa khungu mapikiselo 15 kapena 20. Mukasiya mzerewo poyera, tsaya limasuntha pamene njerwa yoyandikana nalo yaima, ndipo pamalirepo pamatsala kamzere kotamuka, kooneka ngati kapakidwa mafuta. Komanso musapanikize malo otsegukawo. Kukankha kulikonse kumafinya khungu la kutsogolo kwa burashi ndi kutamula la kumbuyo kwake. Khunguli likakhala ndi mtunda wautali, kufinyikako kumamwazikana osaoneka. Likakumana ndi malo otsekedwa pafupi pomwepo, limaunjikana n'kupanga khwinya limene munthuyo alibe. Tsegulani malo otakata mmene nkhope ingalolere.

Kumwetulira kumalowera kuti

Musanakankhe, dziwani njira imene pakamwa pamayenda munthu akamwetulira. Mnofu umene umagwira ntchitoyi umayambira pa fupa la tsaya, cha kunja pansi pa diso, n'kutsikira mopingasa kudzafika pa ngodya ya pakamwa. Ukakokeka, ngodyayo imapita m'mwamba ndi kunja nthawi imodzi, ngati ikulondola pamwamba pa khutu. Wokankha molunjika m'mwamba amapeza pakamwa pooneka ngati pa chidole, ndipo wokankha cham'mbali mokha amapeza nkhope ya munthu amene akumva ululu.

Dinani W kuti mutenge Forward Warp Tool. Pa ngodya yapafupi ikani Size pa 300 ndi Density pa 50. Density ndiyo imalamula mmene mphamvu ya burashi imathera kuchokera pakati kupita m'mphepete, ndipo ikakhala pakatikati chonchi, m'mphepete mwa bwalo mumangogwedezeka pang'ono. Pressure ndiyo liwiro limene madontho amatsatira dzanja lanu. Itsitseni kufika pa 15 kapena 20, kuti dzanja likayenda kwambiri chithunzi chiziyenda pang'ono. Ikani pakati pa burashi kunja pang'ono kwa ngodyayo, pa khungu osati pa mlomo, ndipo mukankhe katatu kapena kanayi, pang'onopang'ono, mukusiya mawusi pakati pa kukankha kulikonse. Cholinga ndi kusuntha ngodyayo mapikiselo 12 mpaka 16. Pa pakamwa pa mapikiselo 400, amenewa ndi magawo atatu kapena anayi okha pa 100 alionse. Zikumveka zochepa, koma anthu timawerenga nkhope mwa timiyeso tating'ono chomwechi.

Burashi yaikulu pa mbali imeneyi ndi yabwino kuposa yaing'ono. Yaing'ono imatsina ngodya yokha n'kusiya mlomo wothyoka, pamene yaikulu imanyamula ngodya, mbali ya mlomo ndi tsaya limodzi, monga mnofu weniweni umachitira.

Pa ngodya yakutali chepetsani burashi ndi batani la [ kufika pa 180. Burashi imeneyi imafika mapikiselo 90 kuchokera pakati, choncho ngakhale muiyendetse mapikiselo 10 ikhalabe m'kati mwa 110 aja. Mbali imeneyi isunthe mapikiselo 8 kapena 10 okha, ndipo kwambiri m'mwamba osati kunja, popeza tsayalo lazungulira kumbuyo ndipo kuyenda kwake kopita kunja kamera sikuona kwenikweni. Mukasuntha ngodya zonse ziwiri mofanana pa mutu wopotoloka, pakamwa pamaoneka ngati payang'ana kutsogolo pamene nkhope yonse yayang'ana kumbali.

Masaya ndi maso

Milomo ikakwera yokha, kumwetulirako kumaoneka kwachinyengo. Dokotala wa ku France, Duchenne de Boulogne, anasonyeza m'buku lake la mu 1862 kuti munthu akamwetulira mosangalala, mnofu wozungulira diso umagwiranso ntchito: tsaya limakwera, ndipo chikope cham'munsi chimatukuka pang'ono. Wokonza chithunzi ayenera kutsanzira zimenezi, koma mochepa kwambiri.

Ndi burashi yomwe ija ya 300, ikani pakati pake pa nsonga ya tsaya lapafupi n'kukankhira m'mwamba mapikiselo 5 kapena 6. Tsaya lakutali likwezeni theka la pamenepo ndi burashi yaing'ono ija. Kwa mkwati wovala magalasi mulekezere pomwepo, chifukwa felemu yatseka njira yopita ku diso. Kwa munthu wopanda magalasi mukhoza kutukula chikope cham'munsi mapikiselo 2 kapena 3, mwana wa diso mutamutseka kaye ndi Freeze Mask Tool. Mwana wa diso ndi wozungulira, ndipo akangophwatalala pang'ono aliyense amaona kuti china chalakwika ngakhale sangathe kuchiloza.

Ngati mzere wa pakati pa milomo wachita mabampu chifukwa cha kukankha kangapo, dutsanipo mopepuka ndi Smooth Tool, pa batani la E. Chida chimenechi chimasalaza ukonde osafafaniza zimene mwachita.

Kenaka bwezani zina. Munthu akayang'anitsitsa nkhope imodzi kwa mphindi zingapo, diso limazolowera ndipo dzanja limapitirira muyeso. Dinani batani la Reconstruct pansi pa Brush Reconstruct Options, ndipo mutsitse Amount kuchoka pa 100 kufika cha pa 70. Kukankha kwanu konse kuchepa mofanana, maonekedwe ake osasintha. Nthawi zambiri chithunzi chimakoma pamenepa kuposa pamene munalekezera.

Mmene mungadziwire ngati khoma lasuntha

Musadalire diso lokha. Muli m'kati mwa Liquify, chongani Show Mesh kuti ukonde uja uoneke. Pamene simunakhudze, timabokosi take timakhala tofanana ndipo mizere yake imawongoka. Tsatirani mizereyo kuzungulira tsaya lakutali. Ngati kupindika kwatulukira kunja kwa nkhope, tsegulani malowo ndi Thaw Mask Tool, dinani R kuti mutenge Reconstruct Tool, ndipo mupake pamenepo mpaka mizere itawongoka.

Mayeso achiwiri ndi okhwima kwambiri. Mukadina OK n'kubwerera ku chithunzi, sinthani kaphatikizidwe ka leya yapamwamba kuchoka pa Normal kupita pa Difference. Photoshop ayerekeza leya yokonzedwa ndi yoyamba ija dontho ndi dontho. Pamene palibe kusintha pamada bii, ndipo pamene pasuntha pamaoneka timizere towala. Chithunzi chokonzedwa bwino chimakhala chakuda chonse kupatula pakamwa ndi masaya. Mukaona mizere ya simenti ya pakati pa njerwa ikuwala, kapena m'mphepete mwa tsaya mwajambulika, khoma lasuntha ngakhale diso silinaone. Ngati mdimawo wachuluka moti simukuona kanthu, ikani leya ya Levels pamwamba n'kukokera kabatani koyera kumanzere kuti timizere tobisika tiwale.

Kukonza kwake n'kosavuta ngati kusunthako n'kochepa. Pansi pa leya yanu pali kabokosi koyera pafupi ndi mawu akuti Smart Filters. Dinani pamenepo, tengani burashi wamba yofewa ya mtundu wakuda, n'kupaka pa khoma. Paliponse pamene mwapaka, ntchito ya Liquify imabisika ndipo chithunzi choyamba chimaonekera. Koma njirayi imagwira pokhapo ngati m'mphepete mwa tsaya simunasunthe kwambiri. Ngati munasuntha, mudzaona m'mphepete muwiri, mwakale ndi mwatsopano, ndipo ndi bwino kubwerera mu Liquify kukawongola ukondewo. Mukamaliza, bwezani leyayo pa Normal ndipo muchotse Levels uja.

Pomaliza, dinani Ctrl+1 kuti muone chithunzi pa kukula kwake kwenikweni, ndipo muyang'ane khungu la pansi pa ngodya za pakamwa. Pamenepa ndi pamene khungu latamuka. Timabowo ta khungu tikasanduka timizere, kapena zitsa za ndevu zikagona mbali imodzi ngati zapesedwa, mwakankha mopitirira.

Pamene Liquify salowa

Nthawi zina nkhope imakhala yopotoloka kwambiri moti milomo yeniyeniyo ndiyo yakhudzana ndi khoma, ndipo palibe tsaya lotchinga. Pamenepo kutseka sikuthandiza, chifukwa chimene mukufuna kusuntha ndi malire enieniwo. Chimene chimachitika ndi kudula munthuyo ndi Pen Tool, kumuika pa leya yakeyake yopanda khoma, ndi kumukankhira pamenepo. Pa leya yapansi mumapitiriza njerwa ndi Clone Stamp Tool kulowa pang'ono pansi pa nkhope, kuti pamene nkhope yachoka pasatsale nkhope yakale. Ndi ntchito yotenga nthawi, koma khoma silingapindike chifukwa silili pa leya imene mukukankha.

Palinso zinthu zimene chida chimenechi sichingapereke. Munthu akamwetulira kwambiri, mzere wochokera pa mphuno kutsikira pa ngodya ya pakamwa umazama n'kuchita mthunzi, tsaya limatukuka n'kulandira kuwala kwina, ndipo mano amaonekera. Liquify amangosuntha mthunzi umene ulipo kale. Sangakumbe mzere, sangatsegule milomo. Kukankha mano amene akuoneka kale kumawatalikitsa kapena kuwapendeketsa, ndipo n'chifukwa chake tinawatseka poyamba paja. Nachonso chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa njira wamba chimabwera chochepetsedwa, pakamwa pangotsala mapikiselo ochepa, moti kukankha pang'ono kumasiya khungu lofufuma. Pemphani failo yochokera mu kamera.

Zithunzi za pasipoti ndi za ziphaso sizikonzedwa motere, chifukwa ntchito yake ndi kuonetsa nkhope mmene ilili. Zithunzi za nkhani m'nyuzipepala nazonso sizisinthidwa, popeza kumwetulitsa munthu amene sanamwetulire pa chochitika ndi kunamiza owerenga. Pa chithunzi cha ukwati kapena cha pakhoma la m'nyumba, mwini nkhope ndiye ali ndi mawu. Muuzeni chimene mwasintha, muonetseni zithunzi zonse ziwiri, ndipo musunge failo ya PSD ndi maleya ake kuti akakana mubweze msanga.

Ngati mwaona kuti nkhopeyo ikufuna kusuntha kopitirira magawo anayi kapena asanu pa 100 a kutambalala kwa pakamwa, siyani Liquify ndipo mufunse wojambula zithunzi zina zimene anatola nthawi yomweyo. Pa ukwati kamera imatola kangapo munthu ataima malo amodzi, ndipo kawirikawiri pamapezeka china chimene mkwati anamwetulira yekha, mithunzi ndi maso zili m'malo mwake. Kusankha chimenecho kumatenga mphindi zochepa kuposa kukonza chimene chakanika.